Alakatuli ndi Othamanga Ofika Ali Wefuwefu

Masewera ambiri anayamba m'mabwalo, alakatuli n'kubwera pambuyo kudzawatamanda. Malathoni ndi osiyana, chifukwa nthano ndi ndakatulo ndizo zinatsogola, mpikisano n'kubwera pambuyo. M'chaka cha 1879 mlakatuli wa ku England, Robert Browning, anasindikiza ndakatulo yotchedwa Pheidippides, yonena za mthenga wa ku Greece amene anathamanga kuchokera kudambo la Marathon kukafika mumzinda wa Athens kukanena kuti adani a ku Persia agonja, ndipo atangotula uthengawo anagwa n'kutsirizika. Nkhani ya mthengayu itatchuka chotere, katswiri wa zinenero wa ku France, Michel Bréal, anapempha kuti pa masewera oyamba a Olimpiki a makono, a 1896 ku Athens, pakhale mpikisano wotsata njira yomweyo. Analonjezanso chikho chasiliva. Anachitenga ndi Spyridon Louis, Mgiriki, amene anafika m'maola 2 ndi mphindi 58.

Olemba mbiri amaikayikira nkhani ya mthengayo. Herodotus, amene analemba za nkhondo ya ku Marathon ya m'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, amanena za Pheidippides wothamanga makilomita pafupifupi 240 kuchoka ku Athens kupita ku Sparta kukapempha thandizo, koma sanena kuti anafa. Za kugwa ndi kufa zinalembedwa patapita zaka mazana angapo, m'mabuku a Plutarch ndi Lucian. Browning analumikiza nkhani ziwirizo, imfa ya wothamangayo n'kuionetsa ngati mathero okoma.

Apa ndi pamene pagona vuto limene aliyense wofuna kulakatulira anthu omaliza malathoni ali otheratu ayenera kulimbana nalo. Ndakatulo yotere imatamanda chiyani kwenikweni: kulimba mtima, kapena kugwa? Nanga mlakatuli angasiyanitse bwanji munthu amene wasankha kupirira ndi munthu amene thupi lake likungopita lokha, nzeru zitachoka kale?

Kale ulemu unali wa wopambana yekha

Kutamanda womaliza si mwambo wakale. Pindar, mlakatuli wa ku Greece amene ndakatulo zake zoposa 40 zotamanda ochita masewera zilipo mpaka lero, ankalembera opambana okhaokha, ndipo ankalipidwa ndi iwowo kapena mabanja awo. Mu imodzi mwa ndakatulozo amafotokoza ogonja akubwerera kwawo mozemba, m'tinjira tam'mbali, kuopa maso a anthu. Pa masewera a ku Olympia panalibe mphotho ya wachiwiri. Panalibenso mpikisano wautali wofika pomutheratu munthu, pakuti wotalikitsitsa sunkakwana makilomita 5.

Zinthu zinatembenuka pa 24 Julayi 1908 ku London. Dorando Pietri wa ku Italy, amene ankagwira ntchito m'sitolo yophika zotsekemera m'tauni ya Carpi, ndiye anayamba kulowa m'bwalo la White City. Atalowa anakhotera kolakwika, oyang'anira n'kumubweza. Kenako anagwa. Anamudzutsa, anagwanso, mpaka kasanu, ndipo mamita pafupifupi 350 omaliza anamutengera mphindi ngati 10. Anadutsa mzere womalizira oyang'anira atamugwirira. Gulu la America linadandaula, Pietri anachotsedwa pa mndandanda, ndipo mendulo yagolide inapita kwa Johnny Hayes.

Koma amene anthu anamukonda ndi Pietri. Mfumukazi Alexandra inamupatsa chikho chakechake, Arthur Conan Doyle analemba za iye m'nyuzipepala ya Daily Mail, ndipo Irving Berlin anapeka nyimbo ya dzina lake. Lero dzina la Hayes amalidziwa ndi okonda mbiri okha. Mtunda wa tsikulo, makilomita 42.195, ndi umene unakhazikitsidwa mu 1921 kukhala muyeso wa malathoni onse.

Kuchokera pamenepo, malathoni akhala mpikisano umene kungofika kumapeto kumawerengedwa ngati chipambano. M'mizinda ngati London ndi New York, anthu oposa 50,000 amamaliza pa tsiku limodzi, aliyense n'kulandira mendulo. Wopambana ndi mmodzi mwa amuna ndi mmodzi mwa akazi. Ena onsewo, aphunzitsi, anamwino, amalonda, agogo, ndiwo eni ake a ndakatulo ya mtundu uwu, ndipo ndiwonso amaimvetsera ali ndi miyendo yomwe ikukumbukira zonse. Mlakatuli akanama pang'ono, iwo amadziwa.

Kutopa kumene kumadikirira pa kilomita 30

Kuti asaname, mlakatuli ayenera kudziwa chimene chimachitika m'thupi. Othamanga amakamba za khoma limene amakumana nalo pakati pa kilomita 30 ndi 35, ndipo khomalo lili ndi chifukwa chowerengeka. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, mwa mtundu wotchedwa gilayikojeni. Nkhokwe imeneyi ikadzaza imakhala ndi mphamvu zokwana makalori pafupifupi 2,000. Pothamanga, munthu amawononga pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Motero wolemera makilogalamu 60 amafunika makalori oposa 2,500 kuti amalize mtunda wonse. Nkhokwe ya shuga payokha siingamufikitse.

Zotsalazo zimachokera ku mafuta a m'thupi, amene ngakhale munthu wowonda ali nawo ambiri. Koma mafuta sapereka mphamvu mwachangu. Shuga ali ngati mapesi amene amayaka lawilawi n'kutha msanga, pamene mafuta ali ngati chikuni chimene chimanyeka usiku wonse koma sichingawiritse madzi mofulumira. Wothamanga akayamba ndi liwiro loposa msinkhu wake, amatentha shuga wambiri m'makilomita oyamba, ndipo akamafika pa 30 nkhokwe yauma. Pamenepo afune asafune liwiro limatsika. Amene amathamanga kilomita m'mphindi 5 amapezeka akuithera m'mphindi 7, mtima ukufuna koma miyendo ikukana.

Kuwonjezera apo, minofu yakutsogolo kwa ntchafu imakhala itang'ambikang'ambika pang'onopang'ono chifukwa cholandira thupi pa sitepe iliyonse. Munthu wa sitepe ya mita imodzi amaponda pansi kopitirira 42,000. Ndiye chifukwa chake kumapeto kwa mpikisano kutsetsereka kumapweteka kuposa chitunda. Akatumba amakokana, zala za kumapazi zimachita matuza, malaya amakhula khungu mpaka magazi, mchere wa thukuta umauma n'kuyera pamasaya. Shuga akachepanso m'magazi, ubongo umavutika: kuwerengera makilomita otsala kumasanduka masamu ovuta, ndipo munthu wamkulu amatha kulira popanda chomulizitsa.

Kutopa kumeneku n'kowawa, koma kawirikawiri sikupha. Munthu akayenda pang'ono, akamwa chakumwa chotsekemera kapena kudya nthochi, mphamvu zina zimabwerera. Chachikulu n'chakuti iye amadziwa dzina lake, amadziwa kumene ali, ndipo pa mtengo uliwonse wa magetsi umene akudutsa amasankha yekha kupitirira. Kusankhako ndiko chuma cha ndakatulo.

Makilomita 23 a John Stephen Akhwari

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kupirira kwa munthu wodziwa chimene akuchita ndi cha John Stephen Akhwari wa ku Mbulu, m'dziko la Tanzania. Pa 20 Okutobala 1968 iye anali mmodzi mwa anthu 75 amene ananyamuka pa malathoni a Olimpiki mumzinda wa Mexico. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 2,200 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo wothamanga amachita befu msanga. Minofu inayamba kumukoka. Cha pa kilomita 19, pamene othamanga ankapanikizana kulimbirana malo, anagwa n'kuvulala kwambiri bondo, phewa n'kumenyetsa pansi. Anamumanga mabandeji, iye n'kubwerera mumsewu.

Mamo Wolde wa ku Ethiopia anapambana m'maola 2 ndi mphindi 20. Patadutsa ola lathunthu ndi mphindi zingapo, kunja kukuda ndipo anthu ambiri atapita kwawo, Akhwari analowa m'bwalo akutsimphina, bandeji ikulendewera. Atafika pa njira yothamangira anayesanso kuthamanga. Anamaliza m'maola 3 ndi mphindi 25, wa nambala 57 mwa anthu 57 amene anafika. Atafunsidwa chifukwa chimene sanasiyire, anayankha kuti dziko lake silinamutumize ulendo wautali wonsewo kuti adzangoyamba mpikisano, koma kuti adzaumalize. Wojambula mafilimu Bud Greenspan ndiye anathandiza kuti dziko lonse lione kufika kwakeko.

Mlakatuli wofulumira amathamangira kubwalo: mdima, bandeji, kuwomba m'manja. Koma nkhani yeniyeni ili kunja kwa bwalo. Kuchokera pamene anagwera kukafika kumapeto panali makilomita 23, kuposa theka la mpikisano. Mongoyerekeza, ngati makilomita 19 oyamba anawathamanga pa liwiro la akatswiri, m'ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndiye kuti otsalawo anamutengera maola oposa 2, pafupifupi mphindi 6 pa kilomita iliyonse. Maola awiri amenewo ndi a munthu amene akudziwa kuti mendulo yapita, anzake akumupitirira mmodzimmodzi mpaka msewu kutsala wake yekha, ndipo mwayi wokhala pansi n'kusiya uli naye pa ngodya iliyonse. Palibe akanamudzudzula. Anthu 18 anasiya tsiku limenelo, ndipo mmodzi mwa iwo anali Abebe Bikila, mwini mendulo zagolide za 1960 ndi 1964, amene mwendo unamuvuta.

Pali mfundo inanso imene ndakatulo zambiri zingaiphonye. Akhwari sanali wothamanga wamba wongochitiridwa chifundo. Nthawi yake ya tsikulo, ya bondo lovulala, ndi yochepa kuposa imene anthu ambiri athanzi amamalizira malathoni a m'mizinda lero. Patapita zaka ziwiri, pa masewera a Commonwealth ku Edinburgh, anakhala wachisanu m'maola 2 ndi mphindi 15. Kumulemba ngati wosauka wolimbikira n'kumuchepetsa. Anali katswiri amene tsiku lake linaonongeka, ndipo anasankha kulinyamula lonse mpaka kumapeto. Yankho lake lija likusonyezanso kuti mutu unali bwinobwino: munthu amene angafotokoze chifukwa chake momveka chotero ndiye kuti amadziwa chimene amachita.

Pamene thupi likupita koma mwini wake palibe

Tsono pali kutopa kwina kumene maso a oonera amakusokoneza ndi koyambaku. Munthu akamathamanga, gawo lalikulu la mphamvu zimene akuwononga limasanduka kutentha, ndipo thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Dzuwa likakula, kapena mpweya ukakhala wachinyezi moti thukuta siliuma, kutenthako kumaunjikana m'kati. Kukapitirira madigiri 40, ubongo umayamba kusokonekera, ndipo impso ndi chiwindi zimatha kuonongeka.

Pa 5 Ogasiti 1984 ku Los Angeles, akazi anathamanga malathoni a Olimpiki koyamba, ndipo anapambana ndi Joan Benoit wa ku America m'maola 2 ndi mphindi 24. Patapita mphindi pafupifupi 20, Gabriela Andersen-Schiess wa ku Switzerland, wazaka 39, analowa m'bwalo thupi litapendekera mbali imodzi, mkono wina uli lende, mwendo wina wouma, akudzandira uku ndi uku. Anali ataphonya malo omaliza omwera madzi. Achipatala atamuyandikira anawakana, podziwa kuti akangomugwira achotsedwa mumpikisano. Iwo ataona kuti akutulukabe thukuta anamulola kupitirira. Mamita pafupifupi 400 omaliza, amene pa liwiro lake la m'njira akanawadutsa m'mphindi imodzi ndi theka, anamutengera mphindi 5 ndi masekondi 44. Anakhala wa nambala 37 mwa 44, n'kugwera m'manja mwa achipatala. Patangopita maola ochepa anali atatsitsimuka.

Anachita mwayi. Madokotala a zamasewera masiku ano amachenjeza kuti thukuta si umboni wodalirika, chifukwa wothamanga amene kutentha kwamupweteka nthawi zambiri amakhala akutulukabe thukuta. Chimene amayang'ana ndi mutu: kodi munthuyo akuyankha zomveka? Akudziwa kumene akupita? Akuyenda molunjika? Wongotopa amachedwa koma amalunjika, ndipo ukamulankhula amakuyankha, ngakhale mokalipa. Wotenthedwa amakhota, amagwa n'kudzuka kuyang'ana kolakwika, amalankhula zosagwirizana, mwinanso kumenya ofuna kumuthandiza. Mankhwala ake ndi kumuziziritsa pompopompo, makamaka kumuviika m'madzi ozizira kwambiri, asanamunyamule kupita kuchipatala.

Ena mwayiwo unawachepera. Pa 7 Ogasiti 1954 ku Vancouver, Jim Peters wa ku England, munthu woyamba kuthamanga malathoni m'nthawi yosakwana maola 2 ndi mphindi 20, analowa m'bwalo atasiya anzake kutali zedi. Anagwa mobwerezabwereza kwa mphindi zoposa 10 m'kamtunda ka mamita ngati 200, ndipo anamunyamula asanafike pamzere. Sanapikisanenso moyo wake wonse. Ku Stockholm mu 1912, Francisco Lázaro wa ku Portugal anagwa cha pa kilomita 30 pa tsiku lotentha, n'kumwalira m'mawa mwake. Ndipo mu 2018, ku Gold Coast m'dziko la Australia, Callum Hawkins wa ku Scotland anagwa akutsogola, kutangotsala makilomita awiri, oonera ena akumujambula ndi mafoni.

Ngozi ina imabwera kuchokera mbali yosayembekezeka. Othamanga ochedwa, amene amakhala mumsewu maola 4 kapena 5 akumwa madzi pa tebulo lililonse, amatha kusungunula mchere wa m'magazi mpaka kudwala. Kafukufuku wa pa malathoni a ku Boston a 2002 anapeza vutoli mwa othamanga 13 pa 100 alionse amene anayezedwa. Zizindikiro zake, mutu, nseru ndi kusokonezeka, zimafanana ndi za kutopa wamba, ndipo kumuwonjezera madzi munthu wotere n'kumupweteka.

Zonsezi zikukhudza ndakatulo mwachindunji. Chithunzi chimene chimagwira mtima kwambiri, cha munthu wodzandira n'kumagwa pafupi ndi mzere, nthawi zambiri ndi chithunzi cha wodwala. Kumutamanda kuti wagonjetsa thupi ndi mtima wake n'kunena zosaona, chifukwa pa nthawiyo chimene chafooka ndi ubongo womwewo umene ukanasankha. Ndipo ndakatulo zimamvedwa ndi achinyamata amene mawa adzakhala mumsewu dzuwa la mu Okutobala lili pamutu. Ikawaphunzitsa kuti kusiya ndi manyazi, yawapatsa phunziro limene lingawaphe. Malamulo a mpikisano anasintha pa chifukwa chomwechi: lero achipatala amaloledwa kumugwira ndi kumuyeza wothamanga popanda kumuchotsetsa, ndipo akalamula kuti asiye, ayenera kusiya.

Ntchito ya mlakatuli

Nanga ndakatulo yoona imamangidwa bwanji? Choyamba ndi malo amene mlakatuli waima. Ambiri amaima pamzere womalizira, pamene pali zoimbira ndi makamera. Koma pofika pamenepo nkhondo yatha kale, pakuti munthu amene waona mzere sasiya. Malo ovuta ndi kilomita 33 kapena 36, kumene oonera ndi ochepa, makapu apulasitiki ali mbwee pamsewu, ndipo chikumveka ndi nsapato zokhwekhwereza ndi kupuma kwa anthu. Ndakatulo imene yaima pamenepo imaona wothamanga akupangana ndi thupi lake: ndithamange mpaka pachikwangwani icho, ndiyende masitepe 50, ndiyambirenso. Kupirira kwa malathoni kumapangidwa ndi timapangano ting'onoting'ono totere, tambirimbiri, ndipo tili ndi mphamvu kuposa mawu aakulu onena za ungwazi.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka mizere. Ndakatulo ya Chichewa ndi yolakatula pakamwa, pawailesi kapena pamaso pa anthu, choncho mpweya wa wolakatula ndi chida. Mpikisano uli ndi magawo atatu omveka m'khutu. Makilomita oyamba ndi a chisangalalo, anthu akucheza, ndipo mizere yaitali yoyenda myaa imawayenera. Pakati pamakhala kugunda kosasintha kwa mapazi, kumene kubwereza mawu amodzimodzi kumayambiriro kwa mizere kumakutsanzira bwino. Khoma likafika, mizere iyenera kufupika ndi kuduka, monga mmene munthu wabefu amalankhulira, mawu awiri, kupuma, mawu atatu. Ndakatulo imene ikunena za kutheratu koma mizere yake ikuyendabe mosalala kuyambira pamwamba mpaka pansi, womvera saikhulupirira, ngakhale sangathe kunena chifukwa chake. Chichewa chili ndi mwayi wapadera pano, chifukwa mawu otsanzira kayendedwe ndi kamvekedwe alimo ochuluka, ndipo amodzi okha oikidwa pamalo pake amaonetsa kudzandira kapena kupuma mwabefu popanda kufotokoza.

Chachitatu ndi kusankha zinthu zooneka. Mawu ngati ululu, mphamvu ndi chipambano ndi otakata kwambiri, angakwane pa mpira, pa mayeso, pa nkhondo. Zimene ndi za malathoni okha ndi izi: nambala yapachifuwa yonyowa imene yatsala pa mapini awiri, dzanja lonjenjemera lolephera kung'amba kapaketi ka shuga, munthu woima pambali atagwira mpanda akuwongola katumba, kapena womaliza amene mendulo ili m'khosi koma akulephera kukwera kamtunda ka m'mbali mwa msewu. Mawa lake ambiri amatsika masitepe chafutambuyo chifukwa ntchafu sizilola. Amene anathamangapo akamva zimenezi amagwedeza mutu.

Chachinayi ndi amene alowa m'ndakatulo. Palibe amene amamaliza yekha. Pali ogawa madzi amene aima kuyambira mbandakucha, mlendo amene wawerenga dzina pamalaya n'kuliitana, mnzako wa m'njira amene simunadziwane koma mwayenda limodzi makilomita 8 osalankhulana. Palinso amene anasiya. Ndakatulo yotamanda Akhwari siyenera kunyoza Bikila, ndipo njira yosavuta yodziwira ngati ndakatulo yapotoka ndi kufunsa kuti munthu amene anakwera ambulansi pa kilomita 35 angaimve bwanji. Ngati ikumutcha wamantha, ngakhale mosatchula, ndiye kuti yatamanda mzere m'malo motamanda munthu.

Kodi si kutsitsa muyeso?

Alipo amene amatsutsa ndakatulo za mtundu uwu pa chifukwa china. Iwo amati masewera ndi mpikisano, ndipo kupereka ulemu kwa aliyense wofika, ngakhale atayenda theka la njira, kumachepetsa ntchito ya akatswiri amene amathamanga makilomita oposa 150 sabata iliyonse. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Eliud Kipchoge atathamanga maola 2, mphindi imodzi ndi masekondi 9 ku Berlin mu 2022, anachita chinthu chimene anthu ochepa kwambiri padziko angachiyandikire, ndipo kufika kwa munthu wa maola 5 sikufanana nacho. Ndakatulo imene ikuti onse ndi opambana mofanana ikunyenga mbali zonse ziwiri.

Koma womaliza mochedwa ali ndi katundu wakewake amene katswiri sasenza. Amakhala mumsewu nthawi yowirikiza kawiri kapena kuposa, dzuwa likukwera, matebulo ena amadzi atayamba kupasulidwa, ndipo khoma limamupeza kutatsala ola lathunthu kapena kuposa, pamene katswiri likamupeza amakhala atatsala ndi mphindi makumi angapo. Ndakatulo yabwino siinena kuti iye ndi wofanana ndi wopambana. Imanena chimene iye wachita, mwa muyeso wake.

Kum'mwera kwa Africa kuno, mpikisano wa Comrades, umene umachitika pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg kuyambira 1921, umaonetsa mbali ziwirizi pa tsiku limodzi. Ndi wautali kuposa malathoni, makilomita pafupifupi 90. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anaupambana katatu motsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011, m'maola pafupifupi 5 ndi theka. Koma khamu lalikulu limafika m'maola awiri omaliza, chifukwa malire ndi maola 12. Nthawiyo ikamakwana, woyang'anira amaima pamzere atafulatira othamanga, kuti asaone nkhope zawo, n'kuwomba mfuti. Wodutsa sekondi imodzi mfuti isanalire amalandira mendulo. Wotsalira sitepe imodzi salandira kanthu ndipo sawerengedwa pakati pa omaliza, ngakhale wayenda mtunda womwewo kuyambira m'bandakucha.

Okonza mpikisanowu amaikanso malire a nthawi m'malo angapo m'njira, ndipo wofika mochedwa pamalo amenewo amakwezedwa basi, afune asafune. Kotero madzulo a Comrades amakhala ndi anthu a mitundu inayi: opambana, omaliza m'nthawi yake, ofika mfuti italira, ndi obwera pa basi. Mlakatuli amene akufuna kutamanda gulu lachiwiri ayenera kudziwa kuti magulu awiri otsatirawo akumvetsera nawo, ndipo ambiri mwa iwo amalembetsanso chaka chotsatira.